Ndani Ayenera Kuoneka pa Sikirini pa Msonkhano Waukulu wa pa Zoom

Nkhani ino ikukhudza vuto limene limabuka pamene anthu mazana angapo akumana pa intaneti, ndilo lakuti sikirini ya kompyuta kapena ya foni ndi yaing'ono pomwe nkhope zofuna kuonekerapo ndi zambiri, kotero kuti payenera kukhala wina wosankha nkhope yooneka ndi nkhope yobisika. Chitsanzo chimene chitsatidwe ndi pulogalamu ya Zoom, yomwe kampani yake inakhazikitsidwa ndi Eric Yuan m'chaka cha 2011 ku California m'dziko la America, ndipo inafalikira kwambiri m'chaka cha 2020 pamene mliri wa Covid-19 unatseka maofesi, masukulu ndi nyumba zopemphereramo. M'pulogalamuyi osankha alipo atatu: makina amene amatsatira phokoso, munthu wolowa mumsonkhano amene ali ndi mphamvu pa sikirini yake yokha, ndi woyendetsa msonkhano amene angathe kusintha zimene aliyense akuona. Chisokonezo chochuluka cha pamisonkhano yotere chimachokera posadziwa kuti mwa atatuwa ndani wagwira chiwongolero pa mphindi imeneyo.

Pa kompyuta, kusankha kumayambira pa batani lolembedwa View, limene limakhala pakona yakumwamba kudzanja lamanja, ndipo likadinidwa limatulutsa mayina angapo, mwa iwo awiri ofunika kwambiri ndi Gallery ndi Speaker. Loyambalo limagawa sikirini m'timabokosi tofanana kukula, kabokosi kalikonse kukhala ka munthu mmodzi, ndipo amene akulankhula amadziwika ndi mzere wowala umene umazungulira kabokosi kake. Lachiwirilo limapereka pafupifupi sikirini yonse kwa munthu mmodzi amene makina akuganiza kuti ndiye akulankhula, ena owerengeka n'kutsala m'timabokosi tating'ono pamzere wa pamwamba. M'nkhani ino njira yoyamba itchedwa maonekedwe a gulu, yachiwiri maonekedwe a wolankhula. Kusintha kuchoka pa ina kupita pa inzake sikukhudza munthu wina aliyense mumsonkhanomo, ndipo amene ali pa kompyuta ya Windows angathe kusintha osagwira mausi, podina Alt ndi F1 pamodzi kuti aone wolankhula, kapena Alt ndi F2 kuti aone gulu.

Maonekedwe a gulu amapatsa munthu chikhulupiriro chakuti akuona msonkhano wonse, koma chikhulupirirocho chimakhala choona pamsonkhano waung'ono pokha. Tsamba limodzi la pa kompyuta limanyamula timabokosi 25, ndipo chiwerengerochi chingakwezedwe kufika pa 49 polowa mu Settings, kenaka Video, pokhapokha ngati purosesa ya kompyutayo, ndiko kuti kachipangizo kamene kamachita mawerengero onse, ili ndi mphamvu zokwanira. Pa laputopu yakale kapena yotsika mtengo mwayi wa 49 umaoneka koma sudinika. Pa foni tsamba limodzi nthawi zambiri limanyamula anthu 4 okha. Tanthauzo lake n'lakuti msonkhano wa anthu 300 umakhala ndi masamba 12 kwa amene akuona timabokosi 25, masamba 7 kwa amene akuona 49, ndi masamba 75 kwa amene ali pa foni, amene angafunike kuseseretsa chala pa sikirini kambirimbiri kuti apeze nkhope imodzi. Choncho munthu amene wasankha maonekedwe a gulu pamsonkhano waukulu sakuona msonkhano, koma kachigawo kake kamene pulogalamu yamusankhira.

Kachigawoko sikakhazikika, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amadabwa. Pulogalamu imaika patsogolo anthu amene ayatsa kamera, n'kukankhira kumapeto amene azimitsa. Munthu amene wayamba kulankhula ali patsamba lakutali amakokeredwa patsamba loyamba, ndipo wina amene anali pamenepo amasunthidwa kuti ampatse malo. Amene wadina Raise Hand, kusonyeza kuti wakweza dzanja, amalumphira pakona yakumwamba kumanzere. Zotsatira zake n'zakuti nkhope imene munthu amaiyang'ana pamzere wachitatu imasowa iye atangotembenuka pang'ono. Pali njira ziwiri zochepetsera kuyendayenda kumeneku. Yoyamba ndi kusankha Hide Non-Video Participants, imene imachotsa timabokosi takuda tokhala ndi mayina okha, ndipo pamsonkhano umene ambiri azimitsa kamera njirayi ingathe kufupikitsa masamba khumi ndi awiri kukhala awiri kapena atatu. Yachiwiri ndi kukoka kabokosi ndi mausi n'kukaika pamalo pamene munthu akufuna, chifukwa akangochita zimenezi kamodzi ndondomeko ya timabokosi imaima, ndipo obwera kumene amakawonjezereka kumapeto. Woyendetsa msonkhano atasanja timabokosi motero angathe kusankha Follow Host's Video Order kuti aliyense aone ndondomeko yomweyo, zomwe zimathandiza pamene anthu akuyenera kulankhula motsatana, popeza popanda zimenezi mawu akuti “wotsatira kumanja” satanthauza kanthu, aliyense ali ndi kumanja kwakekwake.

Maonekedwe a gulu ali ndi mtengo wakenso, umene anthu olowa m'misonkhano pogwiritsa ntchito bandulo ya pa foni ayenera kuudziwa. Kanema wa munthu aliyense sapita kwa anzake mwachindunji. Amapita kaye ku seva, kompyuta yaikulu ya kampaniyo, imene imatumizira wolandira aliyense makanema okhawo amene ali pa sikirini yake, pa kukula kogwirizana ndi kabokosi kamene akuonekeramo. Kabokosi kamodzi kakang'ono kamadya deta yochepa, koma timabokosi tambiri tikaphatikizana timaposa kanema mmodzi wamkulu. Malinga ndi ziwerengero zimene kampani ya Zoom imapereka, kulandira timabokosi 25 kumafuna mamegabiti 2 pa sekondi ndipo timabokosi 49 timafuna mamegabiti 4, pomwe kanema wamba wa pamsonkhano wa gulu amafuna makilobiti 600 okha polandira, ndipo mawu okha amafuna makilobiti 60 mpaka 80. Popeza mabiti 8 amapanga baiti imodzi ndipo ola lili ndi masekondi 3,600, liwiro la mamegabiti 2 likapitirira kwa ola lathunthu limatha mamegabaiti 900, la mamegabiti 4 limatha gigabaiti imodzi ndi mamegabaiti 800, pamene la makilobiti 600 limatha mamegabaiti 270. Ziwerengerozi ndi za liwiro limene kampani imalangiza, ndipo pulogalamu imadzichepetsera yokha ikaona kuti netiweki yafooka, komabe kusiyana kwake kumasonyeza kuti batani la View ndi batani la ndalama. Chizindikiro chakuti timabokosi tachuluka kuposa mphamvu ya netiweki kapena ya kompyuta ndi nkhope zimene zimauma mwadzidzidzi, mawu odukaduka, fani ya laputopu yolira kosalekeza, ndi uthenga wakuti Your internet connection is unstable. Ofuna kutsimikiza angaone ziwerengero zenizeni mu Settings, pansi pa Statistics.

Maonekedwe a wolankhula amaoneka ngati yankho la zonsezi, ndipo nthawi zambiri alidi yankho, koma ali ndi chilema chimodzi chachikulu, chakuti makina samvetsa zimene zikunenedwa ndiponso sadziwa udindo wa munthu. Chimene amayeza ndi mphamvu ya phokoso lochokera pa maikolofoni iliyonse yotsegula, ndipo amene phokoso lake lapambana kwa kanthawi ndiye amapatsidwa sikirini. Wapampando akaima pang'ono kuti apeze tsamba, ndipo pa nthawi yomweyo wina amene anaiwala kutseka maikolofoni atsokomola, asuntha mpando kapena alankhula ndi mwana, nkhope ya wapampando imachoka ndipo m'malo mwake anthu mazana atatu amaona munthu amene sakudziwa n'komwe kuti akuonedwa. Pulogalamu ili ndi njira zochepetsera phokoso la m'mbali, monga la fani ndi la kiyibodi, koma mawu a munthu siingathe kuwachotsa chifukwa ndi amene inapangidwira kunyamula. Kusadziwa kwa munthu uja kuli ndi chifukwa chakenso: pokhapokha atasintha makonzedwe, wolankhula sadziona yekha wamkulu pa sikirini yake, koma amapitiriza kuona amene analankhula iye asanayambe, kotero kuti amene wasokoneza msonkhano amakhala womaliza kuzindikira.

Kutsatira phokosoku kumalepheranso m'njira zina zosachititsa manyazi koma zosokoneza chimodzimodzi. Anthu awiri akamayankhana mofulumira, sikirini imachedwa pang'ono kusintha, mwadala, kuti isamaphethire pa kaphokoso kalikonse, ndipo kuchedwako kumachititsa kuti woonera aziona nkhope ya wofunsa pamene akumva mawu a woyankha. Munthu amene walowa poimba foni wamba, kapena amene wazimitsa kamera, akalankhula amadzaza sikirini ndi dzina lake pa mdima. Chipinda chimene anthu khumi akhala mozungulira tebulo ndi laputopu imodzi chimaoneka kwa makina ngati munthu mmodzi, ndipo chifukwa m'chipinda chotere mapepala ndi makapu sizileka kulira, chimalanda sikirini kawirikawiri kuposa wina aliyense. Koposa zonse, munthu amene ntchito yake ndi yoonedwa osati yomvedwa, monga womasulira chinenero chamanja kapena mphunzitsi amene akulemba pabolodi ali chete, sangaoneke wamkulu m'maonekedwe amenewa ngakhale kamodzi, popeza sapanga phokoso limene makina akufunafuna.

Apa ndi pamene kukhomerera kumagwira ntchito. Kukhomerera, kumene pa sikirini kumalembedwa Pin, ndiko kulanda chiwongolero m'manja mwa makina n'kulamula kuti munthu mmodzi akhale wamkulu pa sikirini, kaya akulankhula kaya ali chete. Pa kompyuta munthu amapititsa mausi pa kabokosi ka amene akumufunayo, ndipo pakona pake pamaoneka timadontho titatu; akadina timadonthoto amasankha Pin, ndipo akafuna kumasula amadina Remove Pin, imene imaoneka pakona yakumwamba kumanzere kwa kanemayo. Pa foni amayamba waseseretsa chala kuti afike pa timabokosi, kenaka n'kugogoda kawiri pa kabokosi ka munthuyo. Pamsonkhano waukulu, pamene kabokosi kofunidwako kangakhale patsamba lachisanu ndi chinayi, njira yachidule pa kompyuta ndi kutsegula mndandanda wa Participants, kulemba dzina m'malo ofufuzira, n'kusankha Pin kuchokera pambali pa dzinalo.

Kukhomerera kuli ndi malire amene ayenera kumveka bwino. Kumagwira ntchito pa sikirini ya wokhomererayo basi. Ena onse amapitiriza kuona zimene anali kuona, ndipo wokhomereredwayo salandira uthenga uliwonse womuuza kuti wina wamuika pakati pa sikirini, mfundo imene aliyense woyatsa kamera ayenera kuikumbukira ngakhale pamene ali chete patsamba lomaliza. Kumakhudza chithunzi chokha, osati mawu, kotero kuti amene wakhomerera wapampando amamvabe chifuwa cha mnzake uja ngakhale sakumuona; mankhwala a phokoso ndi batani la Mute All, limene lili m'manja mwa woyendetsa msonkhano, ndiponso kuchotsa chilolezo chakuti anthu azidzitsegulira okha maikolofoni. Munthu wamba amaloledwa kukhomerera mmodzi yekha pa nthawi imodzi, pomwe woyendetsa msonkhano ndi omuthandiza angakhomerere mpaka anthu 9, ndipo angapereke mwayi womwewo kwa wina posankha Allow to Multi-pin pa dzina lake. Komanso wokhomereredwa akatuluka mumsonkhano chifukwa netiweki yaduka kapena magetsi azima, kukhomerera kumatha, ndipo iye akabwerera amalowa ngati mlendo amene ayenera kufunidwa ndi kukhomereredwa kachiwiri.

Palinso vuto lina losaoneka msanga, lakuti wokhomerera amaiwala kuti anakhomerera. Mlendo wolemekezeka amamaliza mawu ake, msonkhano n'kupita kwa wina, koma pa sikirini ya woiwalayo pamatsala nkhope ya mlendo uja akumwa madzi ndi kuyang'ana foni yake, mawu akuchokera kwa munthu wosaoneka. Ambiri amaganiza kuti pulogalamu yauma ndipo amatuluka kuti alowenso, n'kutaya mphindi zingapo za msonkhano, pamene chizindikiro chake chili poyera: kanema akuyenda bwinobwino, milomo yokha ndiyo siikugwirizana ndi mawu, ndipo pakona pali mawu akuti Remove Pin.

Chida chachitatu ndi cha woyendetsa msonkhano ndi omuthandiza okha, ndipo pa sikirini chimalembedwa Spotlight for Everyone. M'nkhani ino chitchedwa kuunikira. Chimapezeka pa timadontho titatu tomwe tija, pafupi kwambiri ndi Pin, ndipo kuyandikana kumeneku ndiko gwero la cholakwa chofala kwambiri pakati pa oyendetsa misonkhano. Kuunikira kumachititsa munthu wosankhidwayo kukhala wolankhula wamkulu pa sikirini za onse, ndipo makina amaleka kutsatira phokoso mpaka kuunikirako kutachotsedwa. Angaunikiridwe anthu mpaka 9 pamodzi powonjezera ndi Add Spotlight, ndipo batanili limaoneka pokhapokha mumsonkhano muli anthu osachepera atatu amene ayatsa kamera. Woyendetsa msonkhano amene wadina Pin m'malo mwa Spotlight for Everyone amaona pa sikirini yake zonse zili m'malo, mlendo ali pakati ndipo sakusuntha, osadziwa kuti anthu ena onse akuponyedwa uku ndi uku ndi phokoso. Sikirini yake siingamuuze cholakwachi, ndipo n'chifukwa chake oyendetsa misonkhano odziwa ntchito amalowetsanso foni kapena kompyuta yachiwiri ngati munthu wamba, maikolofoni ndi sipika zake zili zotseka, kuti aziona zimene anthu akuona. Kusiyanaku kumafika ngakhale pa kujambula msonkhano, pakuti kukhomerera kumakhudza chojambulidwa chosungidwa pa kompyuta ya wokhomererayo koma sikukhudza chosungidwa pa seva za kampani, chimene chimatsatira wolankhula kapena wounikiridwa. Kuunikira sikumanga munthu manja, chifukwa wofuna angathe kubwerera ku maonekedwe a gulu, koma kumasintha chimene ambiri, osakhudza batani lililonse, adzaone.

Mmene zida zitatuzi zimagwirira ntchito pamodzi zimaoneka bwino poganizira msonkhano wapachaka wa bungwe la mamembala 300, wa maola awiri, umene uli ndi wapampando, mlembi amenenso ndi woyendetsa msonkhano pa kompyuta, msungichuma wodzapereka lipoti la ndalama, womasulira chinenero chamanja, ndi mamembala amene ambiri mwa iwo ali pa foni. Chiwerengero chotere sichikwana pa akaunti yaulere, imene imalola anthu 100 kwa mphindi 40, kotero bungwelo liyenera kukhala ndi akaunti yolipira yolola 300. Mphindi khumi zoyambirira, pamene anthu akulowa ndi kupatsana moni, maonekedwe a gulu ndiwo oyenera kwa mlembi, chifukwa ntchito yake pa nthawiyo ndi kuona amene afika, kupeza msungichuma ndi womasulira, n'kukokera timabokosi tawo pamzere woyamba pafupi ndi wapampando kuti asadzawafunefune pambuyo pake. Kwa membala wa pa foni mphindi zomwezo sizifuna kanthu, popeza anthu anayi pa tsamba sangamuuze zambiri.

Wapampando akatsegula msonkhano, mlembi amatseka maikolofoni onse, n'kuunikira wapampando, kenaka n'kuwonjezera womasulira ndi Add Spotlight, kuti awiriwo aoneke moyandikana. Dongosolo la zochitazi ndi lofunika, chifukwa kusankha Replace Spotlight m'malo mwa Add Spotlight kumachotsa amene anaunikiridwa kale, ndipo mlembi amene adzafune kusintha wapampando ndi msungichuma ayenera kuwonjezera msungichumayo n'kuchotsa wapampando yekha, womasulira osamukhudza. Membala amene ali ndi vuto la kumva sayenera kudalira kuunikira kokha, popeza kuli m'manja mwa wina amene angalakwitse. Ndi bwino kuti mlembi amupatse Allow to Multi-pin msonkhano usanayambe, kuti akhomerere yekha womasulira pamodzi ndi wolankhula, makamaka pamene omasulira ali awiri osinthana. Zoom ilinso ndi zenera lapadera la womasulira chinenero chamanja, limene woyendetsa msonkhano amalikonzeratu ndipo woonera amalikuza kapena kulisuntha mmene afunira, koma limafuna kuti likhale litayatsidwa m'makonzedwe a akaunti tsikulo lisanafike.

Msungichuma akayamba kuonetsa tebulo la ziwerengero kuchokera pa kompyuta yake, funso limasintha, chifukwa tsopano chimene chikulimbirana malo ndi nkhope ndi chikalata. Pa kompyuta batani la View limatulutsa mayina ena, Standard, Side-by-side: Speaker ndi Side-by-side: Gallery. Lachiwirilo ndilo loyenera pa lipoti la ndalama, popeza limaika chikalata mbali imodzi ndi wolankhula mbali inayo, ndipo pakati pawo pali mzere umene ungakokedwe ndi mausi kuti mbali ina ikule. Membala wowerenga ziwerengero amakuza chikalata, pomwe wodalira womasulira amakuza nkhope kuti zala zioneke bwino. Pa foni malo ndi ochepa kwambiri moti chikalata ndi nkhope siziwerengeka bwino pamodzi, ndipo msungichuma wanzeru amatumiziratu lipotilo kwa mamembala kuti sikirini isakhale njira yokhayo yolionera.

Nthawi ya mafunso ndi imene imayesa mlembi kwambiri. Kuunikira kukasiyidwa pa msungichuma, wofunsa amamveka koma saoneka. Kukachotsedwa konse, makina amabwerera pa chiwongolero ndipo womasulira amasowa. Njira imene imayenda bwino ndi kusiya womasulira ndi woyankha ali ounikiridwa, n'kumawonjezera wofunsa aliyense pa nthawi yake ndi kumuchotsa akamaliza, ntchito imene imafuna munthu wachiwiri wothandiza, popeza mmodzi sangathe kulemba mfundo za msonkhano uku akudina mabatani. Wapampando iye amafunika kuona manja okwezedwa, ndipo pa ichi mndandanda wa Participants ndi wodalirika kuposa timabokosi, chifukwa umasanja okweza manja motsatira amene anayamba ndiponso umaonetsa ngakhale amene azimitsa kamera, amene Hide Non-Video Participants ingathe kuwabisa. Pa chifukwa chomwechi kuwerenga mavoti poyang'ana manja enieni m'timabokosi n'kosadalirika pa anthu 300, chifukwa timabokosi timasuntha pamene wowerenga akutembenuza masamba, ndipo munthu mmodzi angawerengedwe kawiri wina osawerengedwa. Chida cha Polls chinapangidwira ntchito imeneyo.

Membala wamba, amene alibe udindo uliwonse, ndiye ali ndi chisankho chosavuta, ngakhale ambiri amachilemetsa. Pamene mmodzi akulankhula kwa nthawi yaitali ndipo woyendetsa msonkhano waunikira bwino, palibe choti achite. Pamene woyendetsayo sanaunikire ndipo sikirini ikulumphalumpha, akhomerere wolankhulayo, n'kukumbukira kumasula akamaliza. Pamene anthu ochepa akukambirana mofulumira, maonekedwe a gulu obisa opanda kamera amaposa a wolankhula, chifukwa maso a munthu amasamuka kuchoka pa nkhope ina kupita pa ina mofulumira kuposa makina. Atatsala ndi deta yochepa, njira ya Stop Incoming Video, pamene yayatsidwa m'makonzedwe, imazimitsa makanema onse obwera n'kusiya mawu, ndipo pa makilobiti 80 pa sekondi ola lathunthu limatha mamegabaiti 36 okha.

Pali chifukwa chinanso chosakhalira m'maonekedwe amodzi maola awiri athunthu. M'chaka cha 2021 Jeremy Bailenson wa ku yunivesite ya Stanford analemba za kutopa kumene kumatsatira misonkhano ya pa kanema, ndipo mwa zifukwa zimene anatchula panali kuyang'anizana ndi nkhope zapafupi kwa nthawi yaitali ndiponso kudziona wekha kosalekeza ngati munthu amene akugwira ntchito patsogolo pa galasi. Maonekedwe a gulu amachulukitsa maso amene akuoneka ngati akuyang'ana munthu, pomwe maonekedwe a wolankhula pa sikirini yaikulu amabweretsa nkhope imodzi pafupi kwambiri kuposa mmene mlendo angaimire m'chipinda. Iye analangiza kuchepetsa zenera la pulogalamu m'malo molidzadzitsa sikirini yonse, ndi kubisa chithunzi cha mwini, chimene mu Zoom chimachitika posankha Hide Self View. Pano payenera kusamalidwa kuti kubisa kumeneku sikuzimitsa kamera, ndipo ena onse amamuonabe munthuyo.

Mapulogalamu ena amagawa mphamvuzi mofananamo, ngakhale mayina amasiyana. Mu Microsoft Teams muli Pin for me ndi Spotlight for everyone, mayina amene amanena okha amene akukhudzidwa, ndipo ounikiridwa angafike 7. Mu Google Meet maonekedwe a gulu amatchedwa Tiled, koma dzina lakuti Spotlight kumeneko ndi la maonekedwe amene munthu amadzisankhira pa sikirini yake, kotero kuti mlembi wozolowera Zoom amene walidina poganiza kuti waunikira wolankhula kwa onse amakhala atasintha sikirini yake yokha.